Akaunti ya atate itagona

Sitoloko inawagwira atate mvula ikupita kumapeto, ali ku Twapia ku Ndola, kumene ankakhala ndi mkazi wawo wachiwiri. Ine ndinali pa tebulo langa la salaula, zovala zogwiritsidwapo kale ntchito, mumsika wa ku Kitwe pamene foni inalira. Nambalayo ndinkaidziwa, koma ndinali ndisanailembe dzina, poti sindinkadziwa kuti mayiyo ndimulembe kuti ndani. Analankhula Chibemba chothamanga, akulira. Anati atate agwa pakhomo akutsuka m'kamwa ndipo pakamwa pawo papotoka.

Atate anabwera kuno kumigodi ali mnyamata kuchokera kwathu ku Katete. Anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri, nakwatira amayi mu tchalitchi cha Katolika, natibereka awiri, ine ndi mlongo wanga wamkulu. Ntchito itatha, tinasamukira ku Luangwa, komboni ya ku Kitwe komweko, kumene anamanga nyumba ya zipinda zochepa. Kukhala pakhomo kunawakanika. Anayamba kupita ku Ndola kukafuna maganyu a zowotcherera zitsulo, kenaka kugona konko, mpaka tinangomva kuti ali ndi mayi wina wogulitsa makala ndi tomato. Amayi sanapite kukamenyana ndi munthu. Anangosiya kutchula za iwo, napitiriza kupita ku Misa ndi ku chitente, kagulu kathu ka mapemphero ka m'dera.

Kuchipatala ndinapeza atate ali chigonere, dzanja lamanja lili lende ngati si lawo, mwendo nawonso chimodzimodzi. Chimene chinandidabwitsa kwambiri chinali pakamwa pawo. Munthu amene ankatukwana m'Chibemba ndi kuwerenga nyuzipepala ya Chingerezi anatsala ndi Chichewa chokha, chija cha kumudzi, ndipo nachonso chinkatuluka liwu limodzilimodzi. Adokotala anati zimachitika. Mkazi wawo, amene kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwatcha amayi aang'ono chifukwa chosowa dzina lina, ankawafunsa kuti, "Mulefwaya amenshi?" Atate n'kumangowayang'ana. Ndikanena ine kuti, "Atate, mufuna madzi?" ankagwedeza mutu.

Atatuluka m'chipatala, mavuto enieni anayamba. Pankafunika mankhwala a bipi osadukiza, njinga ya olumala, ndiponso kumapita nawo m'tauni kuti azikawongoledwa mwendo ndi dzanja. Minibasi sakanakwera, ndiye ulendo uliwonse unali wa takisi. Mlongo wanga, amene amayendetsa galimoto ya kampani ina yonyamula miyala, ndiye anakumbukira kuti atate ali ndi akaunti ku banki, imene anaikamo gawo la ndalama zawo za pa mgodi. Tonse tinkadziwa za akauntiyo monga mmene ana amadziwira zinthu za makolo, mongomva m'mbali. Amayi aang'ono anatulutsa khadi m'thumba la jekete ya atate, natiuza nambala yachinsinsi imene atate anawauza kalekale. Mlongo wanga anapita nayo ku makina otapira ndalama. Makinawo anaikana.

Anabwerera ku Twapia atafiira maso. Anaimirira pakati pa bwalo, anthu a nyumba zoyandikana akumva, nayamba kunena kuti ndalama zinadyedwa kale. "Mwamumaliza munthu, tsopano mwatiitana kuti tidzatole makoko," anatero. Amayi aang'ono anali atagwada akuchapa nsalu zimene atate anaonongera. Sanadzuke. Anangoti, "Ine nshaishiba ifya banki," ndiye kuti za ku banki sazidziwa, napitiriza kufinya. Atate anali pa mphasa pakhonde, ndipo ndinaona kuti akumva zonse, chifukwa chala cha dzanja lawo lamoyo chinkakanda mphasa.

Ndinamuuza mlongo wanga kuti tipite ku banki tikamve. Tinapita ku nthambi ya ku Kitwe, kumene atate anatsegulira akauntiyo. Pa desiki ya mafunso panali mayi wovala magalasi. Anatenga khadi, nayang'ana pa kompyuta, natifunsa kuti ndife ndani kwa mwini wake. Titanena, anatiuza mwaulemu kuti za m'kati mwa akaunti ya munthu sangauze wina aliyense, ngakhale mwana wake wobereka.

"Tiuzeni chabe ngati muli ndalama kapena mulibe," anatero mlongo wanga.

"Zimenezo ndiye sindingakuuzeni. Khadi iyi inatha nthawi yake, mukuona nokha tsiku lili apa. Chinanso, funsani kunyumba kuti bambo anu anapita liti komaliza ku banki. Ngati papita nthawi yaitali, ndiye mudziwe kuti akaunti yotero timaigoneka."

Ndinafunsa kuti kugoneka n'kutani. Anati akaunti ikakhala miyezi yambiri mwini wake osaikamo kapena kutapamo kanthu, banki imaitseka mbali yotulutsira. Banki iliyonse ili ndi malire ake a nthawi. Chiwongoladzanja chimene banki imaonjezamo yokha, kapena ndalama zimene imadula yokha, sizimawerengedwa kuti akaunti ikuyenda. Ndalama zimakhalabe za mwini wake, banki siidya, koma palibe angatulutse mpaka mwiniyo ataonekera.

Mlongo wanga anaseka mwaukali. Anati kumeneko ndi kuba kovala tayi. Mayiyo sanapse mtima. Anati akaunti imene mwini wake sakuiyang'ana ndi imene akuba amaikonda, chifukwa palibe amene angazindikire msanga. Wakubayo akhoza kukhala munthu wotola khadi, wachibale, ngakhale wogwira ntchito mu banki momwemo. Mwina mwini wake anamwalira, mwina anasamuka, mwina foni imene analembetsa ili m'manja mwa wina. "Tikaona munthu wakhala chete, sitidziwa chimene chamuchitikira. Ndiye timatseka chitseko n'kudikira kuti abwere yekha." Anaonjeza kuti banki imayesa kuchenjeza mwini wake isanagoneke akaunti. Ndinakumbukira kuti foni imene atate anali nayo ku Luangwa inatayika kalekale, ndipo bokosi la makalata linali la ku mgodi.

Kenaka anatifotokozera zofunika. Mwini wake abwere yekha ndi reji, chitupa chake cha boma. Abweretse umboni wa kumene akukhala tsopano, kaya bilu ya madzi kapena ya magetsi, kaya kalata ya khansala. Pafunike chithunzi chatsopano, nambala ya msonkho imene amati tipini, ndi nambala ya foni imene ikugwira ntchito. Alembe pempho loti akaunti idzutsidwe, asayine, iwo afananize ndi siginecha yakale, kenaka aikemo kandalama pang'ono.

"Kusayina sangathe," ndinatero. "Dzanja linafa."

Anati zikatero pafunika kalata ya dokotala yonena za matendawo, ndipo atate adzadinda chala pamaso pa akuluakulu a banki ndi mboni. Chachikulu n'choti banki ikhutire kuti munthuyo akumva zimene akuchita ndipo akufuna yekha. Poti akudwala, anati tikhoza kupita nawo ku nthambi ya ku Ndola, mapepala adzatumizidwa.

Mlongo wanga anafunsa funso limene mpaka lero limandipweteka. "Nanga akanakhala kuti anamwalira?"

Mayiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati pamenepo njira ndi ina, ya kukhoti, kumene amasankha woyang'anira chuma cha masiye n'kumupatsa mapepala. Tikutuluka, mlongo wanga anang'ung'udza kuti wakufa ali ndi njira yowongoka kuposa wamoyo. Sindikhulupirira kuti ankawafunira imfa. Anali atatopa, ndipo kunyumba kwake kunalinso mavuto. Komabe mawuwo anatuluka, ndipo ndinawamva.

Reji inalipo, yothetheka m'mbali, ili ndi nkhope ya mnyamata watsitsi lambiri. Tipini anatithandiza kutenga pa kashopu ka makompyuta. Chovuta chinali umboni wa pokhala. Nyumba ya ku Twapia inali ya lendi, madzi ankatunga pa mpopi wa onse, ndipo panalibe pepala lililonse lokhala ndi dzina la atate. Mlongo wanga anati tisavutike, bilu ya madzi ya ku Luangwa ikadali m'dzina lawo, ndipo ku banki analembetsa komweko. Tinapita kwa amayi kukaitenga.

Tinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Anamvetsera mpaka tinamaliza.

"Mukalembe kuti amakhala kuno?"

"Ndi pepala chabe, amayi," anatero mlongo wanga.

"Pepala chabe. Zaka zonsezi ndakhala ndikulipira madzi m'dzina la munthu amene samwa madziwo, sindinadandaule. Koma kuti ndikaname kuti amagona m'nyumba muno, ayi. Amene akumusambitsa ndi amene akudziwa kumene amakhala. Kalembeni kumeneko."

Sanakweze mawu. Anatenga nyemba zina, nazithira m'kathumba, n'kundipatsa osanena kuti n'za ndani. Ndinapita nazo ku Twapia.

Kalata ya khansala anaiyendera amayi aang'ono okha. Anapita kangapo osamupeza, akusiya makala awo kwa mnzawo, mpaka anaipeza. Atandipatsa anandipempha kuti ndiwawerengere. Nditafika pa mzere wonena kuti atate amakhala pa nyumba yakutiyakuti pamodzi ndi mkazi wawo, anandiuza kuti ndibwerezenso pamenepo.

Tsiku lopita ku banki tinawaveka atate jekete yawo ndi nsapato zimene amayi aang'ono anapolisha. Mlongo wanga anawabereka kumsana kuchoka pa takisi mpaka m'kati. Anthu a pa mzere anapatuka, ena akuyang'ana pansi. Mlonda anathamanga ndi mpando. Ndinaona atate atatseka maso pamene ankawatsitsa, ndipo ndinadziwa kuti ndi manyazi. Awa anali munthu amene ankanyamula thumba la simenti paphewa akuimba mluzu.

Anatilowetsa mu ofesi ya wachiwiri kwa manijala, bambo wamtali wolankhula mofatsa. Anaona mapepala onse, nayang'ana reji, nayang'ana atate, nayang'ananso reji. Anawalonjera m'Chibemba, atate chete. Anayesa Chingerezi, chete. Ndinafotokoza za chilankhulo, n'kunena kuti ndimasulira ine.

"Pepani mayi," anatero. "Sikuti ndikukukayikirani. Koma inu ndinu mmodzi wa amene ndalamazi zingawathandize. Sindingamve mawu a bambo anu kudzera pakamwa panu."

 Ndinali nditatseka tebulo langa masiku ambiri chifukwa cha nkhaniyi, ndiye munthu n'kundiuza zimenezo.  Bamboyo anatuma uthenga, ndipo panabwera mayi wina wa ku dipatimenti ya ngongole, wa ku Chadiza, wolankhula Chichewa ngati ife. Anagwada pambali pa mpando wa atate nati, "Muli bwanji atate? Kwanu n'kuti?" Nkhope ya atate inasintha. "Katete," anayankha, momveka bwino kuposa masiku onse.

Anatipempha kuti tituluke. Tinaima panja pa ofesi, tikuwaona kudzera pa galasi. Mayi uja ankalankhula pang'onopang'ono, atate akugwedeza mutu, nthawi zina akutulutsa liwu. Anawafunsa dzina, kumene ankagwira ntchito, dzina la mayi wawo, monga anatiuzira pambuyo pake, ndipo zonse anayankha bwino. Mlongo wanga anapumira m'mwamba nati zatheka. Kenaka tinaona atate akupukusa mutu. Mayi uja analankhulanso. Anapukusanso, mwamphamvu, nabisa dzanja lawo lamanzere m'khwapa.

Atatiitana, bambo wamtali uja anati, "Bambo anu akumva zonse bwinobwino. Akana."

"Akana chiyani?" anafunsa mlongo wanga.

"Akuti akaunti isadzutsidwe."

Ndinagwada patsogolo pawo. "Atate, ndalamazi ndi za mankhwala anu. Njinga yanu. Kuti muyendenso."

Anandiyang'ana, akufunafuna mawu. "Bokosi," anatero. Kenaka, "Kwathu." Anabwereza, "Bokosi. Kwathu."

Apo m'pamene tinamva chifukwa chimene anasiyira akauntiyo osaikhudza zaka zonsezo, ngakhale masiku amene ku Twapia ankagona ndi njala. Anaona anzawo a pa mgodi ochokera kummawa akuikidwa m'manda a m'tauni, pakati pa anthu osawadziwa, chifukwa abale analibe ndalama ya galimoto yonyamula bokosi la maliro kupita kumudzi. Iwo ankafuna kukagona ku Katete pafupi ndi mayi wawo. Sankadziwa n'komwe kuti akaunti inagona. Ankangodziwa kuti ndalama zili pamalo pamene palibe angazifikire, ndipo tsopano atamva kuti chitseko n'chotseka, anaona kuti zili bwino chomwecho.

Mlongo wanga anayamba kukuwa. Anati munthu wodwala mutu sangasankhe, ndipo banki itipatse ife mphamvu. Bambo uja anayankha kuti kalata ya dokotala imene tabweretsa tokha ikunena za dzanja ndi lilime, osati nzeru, ndipo iye wadzionera yekha kuti nzeru zilipo. Ndalama ndi zawo, mawu ndi awo.

Mayi wa ku Chadiza anapempha kuti awauze atate zinthu zina tonse tikumva, kuti asankhe akudziwa. Anawauza kuti kudzutsa akaunti sikupereka makiyi kwa ana. Popanda khadi, palibe angatape kanthu iwo osabwera kudzadinda chala. Anawauzanso kuti akamwalira, kaya akaunti ili maso kaya ili m'tulo, ndalama sizituluka tsiku lomwelo, zimadikira mapepala a kukhoti, ndipo maliro sadikira khoti. Ngati cholinga ndi galimoto ya ku Katete, ndi bwino akonze njira akadali moyo. Chomaliza, anati akaunti ikagona zaka zambirimbiri osaonekera munthu, lamulo limati ndalamazo zitumizidwe ku banki yaikulu ya dziko. Sizitayika, koma kuzitsata kumeneko ndi ulendo wina wautali.

Atate anamva zonse. Dzanja linakhalabe m'khwapa. "Ayi," anatero.

Tinabwerera ku Twapia pa takisi. Titafika, mlongo wanga anawatsitsa, nawagoneka pa mphasa, napukuta thukuta. Anandiuza kuti iye wachita mbali yake, ndipo munthu amene wasankha bokosi m'malo mwa ana ake amusiye ndi bokosi lakelo. Anakwera basi ya ku Kitwe osatsanzika.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Ndinagulitsa mabelo anga a salaula pamtengo wotsika kuti ndigule mankhwala, tebulo langa n'kuyamba kuoneka ngati la munthu amene akutseka bizinesi. Zokawongola mwendo tinapitako pang'ono n'kusiya. Ndinkapita ku Twapia Loweruka lililonse, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza dzanja la atate likupindikira m'kati, zala zikufumbata zokha. Ndinkawakwiyira, kunama ayi. Ndinkawadyetsa phala ndili ndi mkwiyo womwewo. Nthawi zina ndili m'minibasi pa msewu wa Ndola ndinkadzifunsa ngati mlongo wanga sananene zoona. Nthawi zina ndinkaganiza kuti munthu amene walandidwa mwendo, dzanja ndi zilankhulo ziwiri, chimene chamutsalira ndi kukana, ndiye tingamulandenso chimenecho?

Amayi aang'ono sanatchulepo za banki. Ankawanyamula m'mawa kupita nawo kuchimbudzi kuseri kwa nyumba, kuwasambitsa, kuwakhazika padzuwa, kenaka n'kukakhala pa makala awo pamsewu, akubwerera pafupipafupi kudzawaona. Anayamba kuphunzira Chichewa kwa mayi wina wa Chinsenga woyandikana naye. Ndinkawamva akuti, "Mufuna madzi? Mwakhuta? Pawawa pati?" ndi kamvekedwe ka Chibemba, atate n'kumayankha. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka kuti atate akufuna kukaikidwa kutali, kumene iwo sadzatha kupita kukalimira manda. Anayankha m'Chibemba kuti mwamuna anamupeza ali kale ndi kwawo.

M'nyengo yozizira, amayi aang'ono anagwa. Anali atawabereka atate, phazi linaterereka pa mwala wa pakhomo la chimbudzi, onse awiri n'kugwera pansi. Atate sanavulale, poti anagwera pamwamba pa iwo. Koma msana wa amayi aang'ono unavulala moti sakanathanso kudzuka, ndipo anakhala pansi pomwepo mpaka anthu oyandikana nawo anamva kuitana. Nditafika tsiku lotsatira ndinapeza odwala awiri m'chipinda chimodzi, wina pa bedi, wina pa mphasa. Ndinakhala komweko masiku angapo, ndikuwasamalira onse.

Tsiku lina masana ndikuwameta ndevu atate pakhonde, anandigwira mkono. Analoza ndi chibwano m'nyumba, mmene amayi aang'ono ankabuula akutembenuka.

"Wathyoka," anatero.

"Sanathyoke, atate. Achira."

Ndinapitiriza kumeta. Kenaka anati, "Banki."

Sindinafune kuwalowetsa mawu m'kamwa. Ndinafunsa kuti banki yatani. Anatulutsa chala chachikulu cha kumanzere, nachidinda pa bondo langa.

Ndinamuimbira mlongo wanga, koma sanayankhe. Amayi aang'ono atayamba kuyenda, tinapita atatu, woyendetsa takisi n'kutithandiza kunyamula. Kalata ya khansala inali isanakalambe, ndiye anailandira. Anatitulutsanso panja, mayi wa ku Chadiza n'kuwafunsanso mafunso onse kuyambira pachiyambi, ngati sanawaonepo. Ulendo uno atate anatambasula dzanja. Anawadinditsa chala pa pempho ndi pa khadi yatsopano ya siginecha, bambo wamtali uja ndi mnzake wina n'kusayina ngati mboni. Anawajambula chithunzi, nalemba nambala ya foni imene tinawagulira m'dzina lawo. Ndinapereka kandalama koikamo. Za khadi ya pa makina atate anakana, ndipo a banki anati iwonso akanalangiza chimodzimodzi. Anatiuza kuti tidikire, mapepala apite kwa akuluakulu akavomereze. Patapita masiku ochepa, foni ya atate inalira ndi uthenga woti akaunti yadzuka.

Tsiku lokatapa, anatitulutsanso panja. Atate ananena okha kuchuluka kwa zimene akufuna, ndipo sizinali zambiri. Zinakwana njinga ya olumala yogwiritsidwapo kale ntchito, mankhwala, ndi kubwerera kwa owongola mafupa kwa kanthawi. Zina anapatsa amayi aang'ono m'manja kuti akaonetse msana. Zotsala sindikuzidziwa, ndipo sindinafunse. Adokotala anati tinachedwa, dzanja silidzabwerera, koma mwendo unayamba kulimba moti amatha kuima atagwira khoma.

Mlongo wanga atamva kuti akaunti inadzuka iye kulibe, anaganiza kuti tinapangana kumuchotsa. Ndinamufotokozera, koma anati ine ndi mayi wa ku Twapia tsopano ndife amodzi. Amatumiza kandalama pa foni mwezi ukatha, koma kubwera sabwera. Amayi ku Luangwa amandifunsa ndikabwerako kuti, "Kumeneko kuli bwanji?" Ndikawauza, amangoti "Chabwino," n'kupitiriza zimene akuchita.

A banki anatichenjeza kuti akaunti ikakhalanso chete idzagonanso, choncho pakapita miyezi ingapo timawatenga atate kupita nawo m'tauni kukaikamo kapena kutapamo pang'ono. Ulendo wathawu anali ofooka, anawodzera pa njinga tikudikira. Mayi wa ku Chadiza anatiitanira pambali, nati masiku akupita, ndipo tsiku lina atate sadzatha kubwera, kapena adzabwera koma osathanso kuyankha mafunso. Zikadzafika pamenepo banki sidzalandira chala chawo, ndipo nkhani idzakhala ya kukhoti. Anati akadali ndi nzeru zawo, ndi bwino asankhe munthu mmodzi womupatsa mphamvu yowasayinira, mwa lamulo, komanso akonzeretu za ulendo wa ku Katete.

Anagwada, nawafotokozera atate zomwezo pang'onopang'ono. Anawafunsa ngati alipo amene angamusankhe. Atate anayang'ana amayi aang'ono, nayang'ana ine, kenaka anayang'ana kukhomo kumene anthu ankalowa ndi kutuluka, ngati akuyembekezera mlongo wanga. Tinadikira. Sanatchule dzina, ndipo mayi uja anati palibe changu, akaganize kunyumba.

Tinawakankha mpaka pa siteshoni ya matakisi. Amayi aang'ono anawagulira nthochi, nawasendera. Nkhaniyo sitinaiyambenso, ine kapena iwo.